Kachipangizo kakuti mulibe mimba chonsecho ilipo: chimachitika n'chiyani mukafulumira kuyeza?

Nkhani yake imakhala yofanana pafupifupi kwa aliyense. Tsiku losamba lafika koma kuli zii, mawere akuwawa, kamseru kakuyamba, ndiye munthu uja wathamangira ku famase kukagula kachipangizo koyezera mimba, wayeza, katuluka mzere umodzi. Wina amapuma kuti eee zikomo, wina amalira chifukwa wakhala akufuna mwana kwa zaka. Kenako patha sabata imodzi kusamba sikunabwerebe, wayezanso, pano mizere iwiri yooneka bwinobwino, basi mkangano wayambika, ena akuti kachipangizo koyamba kanali kafeki, ena akuti a famase amagulitsa zoekisipaya, mwinanso abambo kunyumba ayamba kuwerengera masiku ndi nkhope yokayika.

Nthawi zambiri palibe amene wanama. Kachipangizo koyamba kaja kanayankha zoona pa funso limene kamatha kuyankha, vuto ndi lakuti funso lakelo si limene ife timaganiza kuti tikufunsa.

Chimene kachipangizoka kamafufuza

Sikaona mwana, sikaona dzira, sikadziwa kuti munakhala malo amodzi ndi abambo liti. Kamangofufuza chinthu chimodzi mu mkodzo, homoni yotchedwa hCG, pa paketi paja mupeza zilembo zitatuzi. Homoni imeneyi sipangidwa ndi thupi la mayi mwachisawawa ayi, imapangidwa ndi timaselo takunja kwa kamluza, timene pambuyo pake timadzasanduka nsengwa. Ntchito yake ndi kutumiza uthenga ku thumba la mazira kuti lipitirize kutulutsa homoni ina ya pulojesiteroni, imene imagwira khoma lamkati mwa chiberekero kuti lisayoyoke. Khoma lija likapanda kuyoyoka ndiye kuti simusamba. Ndiye hCG imayamba kulowa m'magazi a mayi, impso zimasefa, ina n'kutsikira mu mkodzo, ndipo ndi ya mu mkodzoyo imene timaisaka.

Mkati mwa kapepala kaja muli timankhwala tomata pa hCG basi, tokhala ndi utoto. Mkodzo ukamakwera mu kapepalako umanyamula timankhwala timeneti, ukafika pamene palembedwa T, ngati muli hCG yokwanira imakodwa pamenepo ndi utoto wake womwe n'kupanga mzere. Mzere wa pa C uja sunena chilichonse za mimba, umangotsimikiza kuti mkodzo wayenda mpaka kumapeto ndipo kachipangizo kagwira ntchito. Pa C pakapanda mzere, yankho lonse ndi lotaya, kaya pa T paoneka chiyani.

Anthu sanayambe lero kusaka mimba mu mkodzo. Ku Iguputo wakale amathirira mkodzo pa mbewu za tirigu ndi balere n'kumaona ngati zimere. Mu 1927 madokotala awiri a ku Berlin, Selmar Aschheim ndi Bernhard Zondek, anapeza kuti mkodzo wa mayi woyembekezera ukabayidwa mu mbewa zazing'ono zazikazi, mazira a mbewazo amasintha, koma yankho limatenga masiku angapo ndipo mbewa imayenera kuphedwa kuti aione mkati. Kenako kunabwera akalulu. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera njira ya chule wa kuno kummwera kwa Afirika wotchedwa Xenopus, kuchokera pa ntchito imene Lancelot Hogben anachita ku Cape Town, chuleyo akamubaya mkodzo wa mayi wapakati amaikira mazira pasanathe tsiku, ndipo samafunika kuphedwa. Koyezera kunyumba koyamba kanapangidwa ndi Margaret Crane, kanayamba kugulitsidwa ku Canada mu 1971, ndipo umadikira maola awiri osakagwedeza. Ka mizere kamene tikudziwa leroka kanatuluka mu 1988. Njira zonsezi kuyambira pa mbewa zija zimasaka chinthu chomwechi, hCG, ndipo zonse zimalephera pa malo amodzi, pamene hCG ikadali yochepa.

Kugonana, kukumana kwa dzira ndi umuna, kukhazikika: masiku atatu osiyana

Apa ndi pamene ambiri timasokonezera. Timawerenga kuchokera usiku umene tinagonana ngati kuti mimba inayamba pompo. Thupi siliyenda choncho.

Mbewu ya abambo imatha kukhala yamoyo m'thupi la mayi mpaka masiku asanu ikudikira dzira. Dzira likatuluka limakhala ndi maola 12 mpaka 24 okha kuti likumane ndi mbewuyo, ndipo zimakumana mu kachubu kopita ku chiberekero, osati mu chiberekeromo. Zikakumana, kamluza kaja kamayamba ulendo wotsika pang'onopang'ono kakugawikana, masiku atatu kapena anayi kali m'njira, kakafika mu chiberekero kamayandamanso kaye masiku angapo kasanadzikwirire mu khoma. Kudzikwirira kumeneku ndiye kukhazikika kwa mimba, ndipo hCG imayamba kupezeka m'magazi a mayi pokhapokha izi zikachitika. Zisanachitike, ngakhale mutayeza ndi makina apamwamba a ku labotale, simupeza kanthu.

Kafukufuku wa Allen Wilcox ndi anzake ku Amereka, amene anatuluka mu 1999, anayeza mkodzo wa amayi tsiku ndi tsiku ndipo anapeza kuti kukhazikikaku kumachitika pakati pa masiku 6 ndi 12 dzira litatuluka, ambiri mwa iwo pa tsiku la 8, la 9 kapena la 10. Ndiye amene wagonana Loweruka n'kukayeza Lachitatu, wangotaya ndalama, kamluza ngati kalipo kakadali pa ulendo.

Zili ngati chimanga. Mwabzala ndi mvula yoyamba, tsiku lachitatu mwapita kumunda, mizere ili mbee palibe chamera. Simunganene kuti mbewu yafa, simunganenenso kuti yamera, mwangofika msanga, ndipo ngakhale m'munda umodzi womwewo phando lina limatsogola lina n'kuchedwa.

Mlingo umene kachipangizo kamayambira kuona

Mimba ikakhazikika sikuti hCG imangodzadza tsiku lomwelo. Imayamba pang'ono kwambiri. Amaiyeza mu mIU/mL, musavutike ndi tanthauzo lake, ingogwirani manambala. Mayi amene alibe mimba amakhala pansi pa 5 m'magazi. Tizipangizo tambiri ta mkodzo timayamba kuonetsa mzere hCG ikafika 25, tina tamphamvu timati timaona kuyambira pa 10, ndipo nambalayi kawirikawiri imalembedwa pa paketi kapena pa kapepala kamkati kamene ambiri timataya osawerenga.

Pakati pa ziro ndi 25 pali mpata, ndipo mayi amene ali mu mpata umenewu ali ndi mimba yeniyeni koma kachipangizo kamuuza kuti ayi. Taganizani sikelo yoyezera matumba a chimanga ku msika, ikanipo nyemba zitatu, muvi susuntha n'komwe, koma nyembazo zilipo.

Ubwino wake hCG imakwera ngati ngongole ya katapila. M'masiku oyambirira mimba itangokhazikika imatha kuwirikiza pafupifupi tsiku lililonse, kenako imakhazikika pa kuwirikiza masiku awiri kapena atatu alionse, mpaka kufika pachimake cha m'ma sabata 8 mpaka 11, apo imakhala ili m'masauzande ambirimbiri, kenako n'kutsikako. N'chifukwa chake masiku awiri okha amatha kusintha yankho, Lolemba mzere umodzi, Lachitatu kamzere kachiwiri kotuwa.

Nanga 99 peresenti yolembedwa pa bokosi ija? Imachokera ku labotale, kumene amathira kachipangizo mu mkodzo umene akudziwa kale kuti muli hCG yokwana mwakuti, n'kuona ngati kakupeza. Sikutanthauza kuti mwa amayi 100 apakati oyeza pa tsiku lililonse limene afuna, 99 aona mizere iwiri. Mu 2004 Laurence Cole ndi anzake anayesa mitundu 18 ya tizipangizo togulitsidwa ku Amereka, ndipo anawerengera kuti pofuna kugwira mimba 95 mwa 100 pa tsiku loyamba lophonya kusamba, kachipangizo kamayenera kuona hCG yotsika mpaka 12.5, ndipo mtundu umodzi wokha ndi umene unakwanitsa bwinobwino. Kuchokera nthawi imeneyo tizipangizo tasintha ndithu, koma mfundo ya mpata uja ikadalipo.

Tsiku lophonya kusamba limene silidziwika bwino

Malangizo amati yezani kuyambira tsiku loyamba limene mwaphonya kusamba. Zomveka, koma tsikulo mwalidziwa bwanji? Ambiri timawerenga masiku 28 kuchokera pamene tinayamba kusamba komaliza, poganiza kuti dzira limatuluka pa tsiku la 14 mwezi uliwonse ngati malipiro. Chigawo cha pambuyo pa kutuluka kwa dzira ndiye chimakhala chokhazikikako, pafupifupi masabata awiri, koma chigawo choyamba chimatha kutalika kapena kufupika, kudwala malungo, nkhawa, maliro, kuonda mwadzidzidzi, zonsezi zimatha kuchedwetsa dzira. Dzira likachedwa masiku asanu, china chilichonse chimasuntha masiku asanu, kukhazikika, hCG, ngakhale kusamba kumene mukudikirako.

Tiyeni tiyike pa kalenda, ichi ndi chitsanzo chongopanga kuti tione masamu ake. Mayi wayamba kusamba pa 1 Malichi, amasamba masiku 28 alionse, ndiye akuyembekeza pa 29 Malichi. Mwezi wabwinobwino dzira lituluka cha pa 14 Malichi, mimba ikhazikika patapita masiku 9, pa 23 Malichi. Tiyerekeze kuti hCG mu mkodzo yayamba pa 1 tsiku limenelo n'kumawirikiza tsiku lililonse: pa 24 ili 2, pa 25 ili 4, pa 26 ili 8, pa 27 ili 16, pa 28 yadutsa 30. Akayeza pa 29 m'mawa, mizere iwiri. Akanapupuluma n'kuyeza pa 25 kapena pa 26, mzere umodzi.

Tsopano mayi yemweyo, koma mwezi uno anadwala sabata yoyamba ndipo dzira latuluka pa 19 Malichi. Anagonana pa 16, mbewu inadikira masiku atatu. Kamluza kakhazikika patapita masiku 10, pa 29 Malichi, tsiku lenileni limene iye akuti waphonya kusamba. Wayeza tsikulo, hCG ili pa 1, mzere umodzi. Wadikira masiku atatu monga anamuuzira mnzake, wayezanso pa 1 Epulo, ili pa 8, mzere umodzi kachiwiri, apa ndiye wakhulupirira kuti mulibe, chonsecho masiku 16 apita chigonanireni. Pa 3 Epulo yadutsa 30, akanayeza m'mawa akanaona kamzere kotuwa. Pa 6 Epulo palibenso chokayikitsa.

Onani kuti pa 6 Epulo ndi masiku 21 kuchokera pa 16 Malichi. Lamulo lija lakuti ngati simukudziwa tsiku losamba dikirani masabata atatu kuchokera pamene munagonana mosadziteteza komaliza, limachokera pa masamu amenewa: masiku 5 a mbewu kudikira, 12 a kukhazikika mochedwa kwambiri, ndi ena ochepa oti hCG ikwere. Ndi lamulo lothandiza kwambiri kwa amene akuyamwitsa ndipo sanayambirenso kusamba, amene angosiya jakisoni wolera, amene anamwa mapilitsi olera a pangozi aja, omwedwa pambuyo pogonana mosadziteteza, chifukwa amatha kusuntha tsiku losamba, ndi amene msambo wawo umangobwera mmene wafunira.

A Wilcox aja mu 2001 anaonetsanso kuti mwa mimba 100, pafupifupi 10 zimakhala zisanakhazikike n'komwe pofika tsiku limene mayi amayembekeza kusamba. Ndiye ngakhale kachipangizo kangwiro kotheratu kakanaziphonya. Pakatha sabata imodzi chiphonyereni, zotsala zosakhazikika zimakhala pafupifupi 3 zokha.

Kanthu kena kosokoneza, ku sikelo amawerenga masabata a mimba kuchokera tsiku loyamba la kusamba komaliza, osati tsiku limene munatenga mimbayo. Mayi wathu uja pa 6 Epulo amuuza kuti mimba ndi ya masabata 5, iye n'kudabwa kuti nanga sabata yatha ndimayeza bwanji osaipeza mimba ya mwezi wathunthu. Masabata awiri ndi theka oyambawo kunalibe mimba konse, ndi kawerengedwe chabe, ndipo mikangano ina ya m'banja ija imayambira pa kusamvetsa kumeneku.

Mkodzo wosukuluka

Mimba ikakula izi zilibe kanthu, hCG imakhala yambiri moti nthawi iliyonse mungayeze itulukabe. Koma mu mpata uja, pamene ili pa 20 kapena 30, kuchuluka kwa madzi mu mkodzo ndi kumene kumagamula mlandu. Kachipangizo sikawerenga hCG yonse ya m'thupi, kamaona kuchuluka kwake mu dontho limene kalandira. Supuni imodzi ya shuga mu kapu ya tiyi imamveka, supuni yomweyo mu ndowa simuimva.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi ichi, munthu wagula kachipangizo madzulo akuchokera ku ntchito, mtima uli m'mwamba sangadikire mawa, koma mkodzo palibe, ndiye akumwa makapu atatu a madzi kuti ubwere. Umabweradi, woyera ngati madzi a pa mpope, ndipo hCG ya 30 ija yasukuluka kufika pansi pa mlingo. Mkodzo woyamba wa m'mawa ndi umene umakhala wokhathamira chifukwa wakhala usiku wonse. Ngati simungathe m'mawa, khalani maola anayi osakodza komanso osamwa zambiri.

Palinso tizolakwika ta m'manja. Ka mtundu woviika kaja kali ndi mzere wolembedwa MAX, mkodzo usapitirire pamenepo. Kuwerenga msanga nakonso kumanamiza, mzere wa C umatuluka mwachangu koma wa T pamene hCG ili yochepa umachedwa, ndiye munthu waona mzere umodzi pa masekondi 40 n'kuponya m'chimbudzi, pamene pepala likuti dikirani mphindi zitatu mpaka zisanu. Mbali inayo, kukatola patapita ola n'kuona kamthunzi kopanda utoto pa T, kameneko ndi ka kuuma kwa mkodzo, sikawerengedwa. Kamzere kotuwa koma ka utoto, kotuluka mkati mwa nthawi yake, ndi mimba ndithu.

Pamene kudikira sikoyenera

Zonse zapamwambazi zikunena kuti dikirani masiku awiri atatu muyezenso, kapena sabata imodzi. Koma pali mimba yokhazikika kunja kwa chiberekero, kawirikawiri mu kachubu kaja, imene hCG yake imakonda kukwera mwaulesi, ndipo imatha kupereka kamzere kotuwa kosasintha, mwa apo ndi apo osaonetsa n'komwe. Ngati mwaphonya kusamba ndipo mukumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, mukudontha magazi, mukuchita chizungulire kapena kukomoka, kapena kupweteka pa nsonga ya phewa, pitani ku chipatala tsiku lomwelo kaya kachipangizo kanati chiyani. Kachubu kakaphulika munthu amataya magazi mkati osaoneka kunja.

Kuyeza magazi kumaona hCG yotsika kwambiri, cha m'ma 5 kapena pansi, ndipo kumapereka nambala yeniyeni, n'chifukwa chake madokotala amatha kuyeza kawiri motalikana maola 48 kuti aone ngati ikukwera moyenera. Sikani nayo siithandiza pa masiku oyambirirawa, kathumba ka mimba kamayamba kuoneka cha m'ma sabata 5. Ndipo ngati mwayeza kangapo, masabata atatu adutsa, mzere ukadali umodzi koma kusamba kulibe, mwina si mimba, pali zina zambiri zoimitsa msambo zofunika kuti akuoneni.

Zimene anthu sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi lakuti kodi tizipangizo tamphamvu, tolembedwa kuti mutha kuyeza masiku asanu kusamba kusanafike, ndi tabwino kapena tikungowonjezera nkhawa. Okonda kudziwa msanga ali ndi mfundo, mayi akadziwa msanga amasiya mowa msanga, amafunsa za mankhwala amene akumwa, amayamba mapilitsi a foliki asidi pa nthawi imene msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika. Otsutsa nawo ali ndi yawo. Kafukufuku wa 1988 wa gulu lomwe lija la Wilcox anapeza kuti pafupifupi mimba 22 mwa 100 zimene zinakhazikika zinatha zokha msanga kwambiri mayi asanadziwe, zimangooneka ngati kusamba kochedwa pang'ono. Kale palibe amene amazidziwa, lero munthu amaona kamzere kachiwiri Lachiwiri n'kusamba Loweruka, n'kukhala ndi chisoni cha padera chimene agogo ake sakanachimva. Kodi kudziwa kumeneko ndi phindu kapena katundu? Amene wakhala zaka akufuna mwana ndi amene akuopa mimba sangayankhe mofanana.

Funso lachiwiri ndi la nambala ya pa paketi. hCG simakhala ya mtundu umodzi, m'masiku oyambirira yochuluka imakhala ya mtundu wina wokhala ndi shuga wambiri pa thupi lake, ndipo tizipangizo sitiigwira mofanana, moti tiwiri tolembedwa 25 tonse tingathe kupereka mayankho osiyana pa mkodzo umodzi. Akatswiri akhala akukangana kuti opanga aziyesa ndi mtundu uti wa hCG, komanso ngati 99 peresenti ija iyenera kulembedwa popanda kufotokoza kuti ndi ya tsiku liti. Pali ngakhale vuto la mbali inayo, mimba itakula masabata angapo tizidutswa ta hCG tochuluka kwambiri mu mkodzo timatha kutseka timankhwala tija n'kupangitsa mzere kufooka kapena kusowa pa mitundu ina, ofufuza a ku Washington University ku St. Louis analemba za izi mu 2009, ndipo si opanga onse anakonza mofanana.

Funso lachitatu ndi la kwathu kuno. Mapaketi ambiri amati sungani pakati pa madigiri 2 ndi 30. Ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, mu kashopu ka malata masana, 30 imadutsidwa dzuwa lisanafike pamutu. Kachipangizo kokhala miyezi mu kutentha koteroko, kapena kamene paketi yake yabooka n'kulowa chinyontho, kamatha kufooka mphamvu koma mzere wa C n'kumatulukabe bwinobwino, ndiye wogula alibe njira yodziwira kuti mlingo wake ukadali pa 25 kapena wakwera. Ndani ayenera kuonetsetsa zimenezi, wopanga, woitanitsa katundu, kapena wogulitsa pa kauntala, ndipo mayi wa kumudzi amene labotale yoyeza magazi ili kutali ndi iye atsimikize bwanji yankho lokayikitsa kupatula kugulanso kena ku shopu yomweyo?